Makina Aang'ono Kapena Aakulu? Kuyeza Phindu la Zaka Zisanu pa Mtengo wa Lero

Bizinesi ya mbewu ikayamba kukula, imafika nthawi imene kulipira ena kuti atipetere ndi kutipakirira mbewu kumayamba kuwawa m'thumba. Mwini kampani amapita kwa ogulitsa makina n'kubwerako ndi mitengo iwiri: wa makina aang'ono amene amangopeta ndi kusefa, ndi wa makina aakulu amene amapeta, kusankha mbewu m'magiredi, kuthira mankhwala komanso kupakira m'mapaketi. Onse awiri amagwira ntchito pa mbewu imodzimodziyo, choncho kugula ena n'kusiya enawo. Funso n'lakuti ndalama zipite kuti.

Akatswiri a zachuma ali ndi miyezo iwiri yoyankhira funso lotereli. Woyamba umatiuza phindu lonse la ntchito litabwezedwa pa mtengo wa ndalama ya lero, ndipo pa kompyuta umalembedwa NPV. Wachiwiri umatiuza chiwongoladzanja chimene ntchitoyo imabereka pa ndalama zimene talowetsa, ndipo umalembedwa IRR. Nthawi zambiri miyezo iwiriyi imagwirizana. Koma pamene tikusankha ntchito imodzi mwa ziwiri zosiyana kukula, imatha kuloza kosiyana, ndipo pamenepo m'pamene anthu amataya ndalama. M'nkhani ino titsatira chitsanzo chimodzi chotere kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Ndalama zolowa ndi zotuluka

Tiyerekeze kampani yaing'ono imene imachulukitsa mbewu ya soya ndi nyemba kudzera mwa alimi a mgwirizano. Manambala onse a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, ndipo tawaika m'makwacha a ku Malawi. Wa ku Zambia kapena ku Mozambique aikepo ndalama za kwawo, kawerengedwe kake sikasintha.

Makina aang'ono akudya K20 miliyoni kuti afike ndi kuyamba ntchito. Amapeta matani 100 pa chaka. Pa kilogalamu iliyonse kampani ikupulumutsa K140 imene inkapita kwa opeta ndi kwa onyamula katundu, koma ikuwononga K40 pa magetsi, antchito ndi masefa. Yotsala ndi K100 pa kilogalamu, kutanthauza K10 miliyoni pa chaka kwa zaka zisanu. Pakutha pa zakazo makinawo adzakhala atatheratu.

Makina aakulu akudya K50 miliyoni. Popeza mbewu ikutuluka yothira mankhwala ndiponso ili m'mapaketi a makilogalamu awiri okhala ndi dzina la kampani, yotsala pa kilogalamu ndi K200. Koma msika wa mapaketi sumangidwa tsiku limodzi. Chaka choyamba pakudutsa matani 80 okha chifukwa kuika makina kukudya gawo la nyengo, chachiwiri matani 100, chachitatu 120, chachinayi ndi chachisanu 140. Pamapeto makinawo angagulitsidwe K4 miliyoni. Choncho zolowa ndi K16 miliyoni, K20 miliyoni, K24 miliyoni, K28 miliyoni ndi K32 miliyoni.

Polemba mndandanda wotere timalemba ndalama zenizeni zimene zikulowa kapena kutuluka m'chaka chimenecho. Kutha kwa makina kumene akauntanti amachotsera chaka ndi chaka m'mabuku sitikuika, chifukwa mtengo wonse wa makina tauchotsa kale pachiyambi. Chiwongoladzanja cha ngongole sitichiikanso, chifukwa chilowa m'kawerengedwe mwa njira ina imene tifotokoze posachedwa. Kuchiika pano n'kuchilipira kawiri. Koma ndalama zimene zimagona m'mapaketi opanda kanthu, m'mankhwala, ndi m'mbewu imene ogulitsa m'masitolo atenga pangongole, zimenezo n'zotuluka ndithu, ndipo zilembedwe m'chaka chimene zatuluka, n'kudzalembedwanso ngati zolowa m'chaka chimene zidzabwerere. M'chitsanzo chathu taziphatikiza kale m'mitengo ya pachiyambi.

Tikangophatikiza manambala, makina aang'ono akubweza K50 miliyoni pa K20 miliyoni, ndipo aakulu akubweza K120 miliyoni pa K50 miliyoni. Kuphatikiza kotereku kumanamiza, chifukwa kumatenga kwacha ya chaka chachisanu ngati yofanana ndi kwacha ya lero.

Kwacha ya mawa pa mtengo wa lero

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama imene ili m'manja lero ingathe kubweza ngongole kapena kugula katundu wogulitsa, pamene yolonjezedwa chaka chamawa siingachite chilichonse mpaka itafika. Ngati ndalama imatidyera 25 peresenti pa chaka, K100 ya lero ndi yofanana ndi K125 ya chaka chamawa. Tikatembenuza, K100 ya chaka chamawa ndi K80 lero, pakuti 100 kugawa ndi 1.25 ndi 80. Ya chaka chachiwiri timagawa ndi 1.25 kawiri, n'kupeza K64. Ya chaka chachitatu ndi K51.20, ya chachinayi K40.96, ya chachisanu K32.77. Tingati kwacha iliyonse timaichulukitsa ndi 0.8, 0.64, 0.512, 0.4096 kapena 0.3277, malinga ndi chaka chimene ikubwera.

Nanga 25 peresentiyo yachokera kuti? Imeneyi ndi mtengo wa ndalama kwa kampaniyo, ndipo aliyense ayenera kupeza wakewake. Tinene kuti theka la ndalama ndi ngongole ya kubanki imene, pamodzi ndi zolipira zina zonse, ikudya 30 peresenti. Theka linalo ndi la mwini, limene likanabereka 20 peresenti likanakhala m'katundu wa m'sitolo. Pakatikati pake ndi 25 peresenti. Nambala yotere si yachilendo ku Malawi, kumene mu 2024 Banki Yaikulu inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wokongola kumabanki a malonda amalipira choposa pamenepo. M'mayiko ena a chigawo chathu mtengowu ndi wotsikirapo, ndipo tiona kuti kusiyana kumeneku kumasintha yankho.

Tiwerengere makina aang'ono. K10 miliyoni ya chaka choyamba ndi K8 miliyoni lero, ya chachiwiri K6.4 miliyoni, ya chachitatu K5.12 miliyoni, ya chachinayi K4.10 miliyoni, ya chachisanu K3.28 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K26.89 miliyoni. Tikachotsa K20 miliyoni ya makina, NPV ndi K6.89 miliyoni.

Makina aakulu: K16 miliyoni ya chaka choyamba ndi K12.8 miliyoni lero, K20 miliyoni ya chachiwiri ndi K12.8 miliyoninso, kenako K12.29 miliyoni, K11.47 miliyoni ndi K10.49 miliyoni. Pamodzi ndi K59.84 miliyoni. Tikachotsa K50 miliyoni, NPV ndi K9.84 miliyoni.

Tanthauzo lake n'lakuti makina aakulu akubweza ndalama zonse zimene zinalowa, akulipira 25 peresenti chaka chilichonse pa ndalama zimene zisanabwerere, ndipo pamwamba pa zimenezo akusiya chuma chofanana ndi K9.84 miliyoni ya lero. NPV ikaposa ziro ntchito ndi yopindulitsa. Ikachepera ziro, ndalamazo zikanachita bwino kumene zinali. Pa muyezo uwu makina onse awiri ndi abwino, koma aakulu akuposa aang'ono ndi K2.95 miliyoni.

Chiwongoladzanja chimene ntchito imabereka

Muyezo wachiwiri umafunsa funso lina: mtengo wa ndalama ungakwere kufika pati kuti phindu lonselo lithe, NPV ifike pa ziro? Peresenti imeneyo ndiyo IRR. Palibe njira yachidule yoipezera ndi pensulo. Timayesa mitengo ingapo mpaka titaitsekereza pakati pa iwiri.

Pa makina aakulu, tikabwereza kawerengedwe kaja ndi 30 peresenti, NPV ikutsika kufika pa K3.49 miliyoni. Ndi 35 peresenti ikugwa pansi pa ziro ndi K1.85 miliyoni. Ndiye kuti ziro ili pakati pa 30 ndi 35. Mtunda wonse kuchoka pa 3.49 pamwamba kufika pa 1.85 pansi ndi 5.34, ndipo 3.49 ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mtundawo. Magawo awiri mwa atatu a mapointi asanu ndi 3.3, choncho IRR ndi pafupifupi 33 peresenti. Pa makina aang'ono, 40 peresenti ikusiya K0.35 miliyoni pamwamba pa ziro, ndipo 45 peresenti ikupereka K1.24 miliyoni pansi pa ziro. IRR ndi pafupifupi 41 peresenti.

Amene ali ndi kompyuta sayenera kuvutika chotere. Mu Excel kapena Google Sheets, tilembe mtengo wa makina aang'ono mu B2 uli ndi chizindikiro chochotsera, -20, ndipo zolowa za zaka zisanu mu B3 mpaka B7. Za makina aakulu zilowe mu C2 mpaka C7.

```
=NPV(25%,C3:C7)+C2
=IRR(C2:C7)
```

Pali msampha umodzi wodziwika bwino. NPV ya pa kompyuta imatenga nambala yoyamba imene yapatsidwa ngati yobwera pakutha pa chaka choyamba. N'chifukwa chake C2, ndalama yotuluka lero, taisiya kunja kwa mabulaketi. Wolemba `=NPV(25%,C2:C7)` amakankhira zonse chaka chimodzi kutsogolo, ndipo amapeza 7.87 m'malo mwa 9.84. Anzathu a ku Tete ndi ku Niassa amene Excel yawo ili m'Chipwitikizi cha ku Portugal apeza mayina a VAL ndi TIR m'malo mwa NPV ndi IRR.

Miyezo ikatsutsana

Tsopano tili ndi mayankho awiri. IRR ikuti makina aang'ono, 41 peresenti poyerekeza ndi 33. NPV ikuti makina aakulu, K9.84 miliyoni poyerekeza ndi K6.89 miliyoni. Palibe cholakwika m'masamu. Miyezoyi ikuyankha mafunso osiyana.

IRR ndi peresenti, ndipo peresenti siona kukula kwa ndalama. Wogulitsa amene wapindula 50 peresenti pa katoni imodzi ya mbewu ya ndiwo zamasamba sanalemere kuposa amene wapindula 30 peresenti pa lole yodzaza mbewu ya chimanga. Makina aang'ono amabereka 41 peresenti, koma pa K20 miliyoni yokha, ndipo sitingagule awiri kuti tipindule kawiri, chifukwa mbewu yopeta ndi yomweyo. Chifukwa chachiwiri ndi nthawi. Makina aang'ono amabweza ndalama zawo zonse pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri, pamene ndalama zambiri za makina aakulu zili m'zaka zomaliza. Ntchito yobweza msanga imaoneka yokongola pa IRR ngakhale phindu lake lonse litakhala lochepa.

Njira yothetsera mkanganowu ndiyo kusiya kuyerekeza makina ndi makina, n'kufunsa za ndalama yowonjezera yokha. Kusankha makina aakulu kukutanthauza kulowetsa K30 miliyoni yoposa. Kodi K30 miliyoni imeneyo ikugula chiyani? Tichotse manambala a makina aang'ono ku a makina aakulu chaka ndi chaka: K6 miliyoni, K10 miliyoni, K14 miliyoni, K18 miliyoni ndi K22 miliyoni. Mndandanda uwu tiutenge ngati ntchito yachitatu, n'kuupezera IRR yake. Pa 28 peresenti NPV yake ndi K0.58 miliyoni pamwamba pa ziro, pa 29 peresenti ndi K0.16 miliyoni pansi pa ziro, choncho IRR ya ndalama yowonjezerayo ndi pafupifupi 28.8 peresenti. Katswiri wa zachuma wa ku America, Irving Fisher, anafotokoza kayezedwe kotere m'buku lake la mu 1930 lonena za chiwongoladzanja.

Nambala ya 28.8 ndiyo yofunika kuposa zonse zimene tapeza. Ndi mphambano. Kampani imene ndalama imaidyera pansi pa 28.8 peresenti ipindula kwambiri ndi makina aakulu. Imene imaidyera pamwamba pake ipindula kwambiri ndi aang'ono. Titsimikize ndi 30 peresenti: makina aang'ono akupereka K4.36 miliyoni, aakulu K3.49 miliyoni. Yankho latembenuka. Makampani awiri oyandikana, opeta mbewu yofanana, akhoza kusankha mosiyana onse n'kukhala olondola, chifukwa wina ali ndi ngongole yotsika mtengo ndipo mnzake akukongola pa mtengo wa msika.

Choncho lamulo ndi ili: pamene ntchito ziwiri sizingatheke zonse, timasankha ya NPV yaikulu pa mtengo wathu weniweni wa ndalama. IRR ya ntchito iliyonse payokha imatiuza chabe ngati ntchitoyo ikuposa mtengo wa ndalama, ndi mpata umene ulipo chiwongoladzanja chikakwera. Siiyenera kuika ntchito pa mndandanda wa woyamba ndi wachiwiri.

Lamuloli lili ndi malire ake. Likutenga kuti K30 miliyoni yotsalayo, ikapanda kupita ku makina aakulu, ingobereka 25 peresenti, kapena sikongoledwa n'komwe. Ngati kampani ili ndi K50 miliyoni basi, ndipo pali ntchito ina yoyembekezera ndalama, monga kuika mthirira pa munda wochulukitsira mbewu, tiwerengere NPV ya ntchito imeneyonso. Ikaposa K2.95 miliyoni pa K30 miliyoni, makina aang'ono pamodzi ndi mthirira aposa makina aakulu paokha.

Kuyesa yankho ndi chaka choipa

Mpata wa pakati pa 25 ndi 28.8 ndi wochepa, ndipo K2.95 miliyoni si yambiri pa ntchito ya K50 miliyoni. Tisanasaine kalikonse, tiyese ngati kupambana kwa makina aakulu kungapirire zinthu zimene tonse tikudziwa kuti zimachitika m'bizinesi ya mbewu.

Choyamba ndi chaka choipa. Chilala cha nyengo ya 2023/24 chinakhudza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nthawi imodzi. Ngakhale mvula itagwa bwino, mbewu ikhoza kulephera mayeso a kameredwe ku Chitedze kapena ku Mount Makulu, n'kugulitsidwa ngati chakudya wamba. Soya ndiye savuta kutaya mphamvu yomera akasungidwa motentha kapena akamenyeka popuntha, choncho wotsala chaka chino sitingamudalire chaka chamawa. Tinene kuti m'chaka chachiwiri zolowa zatsika ndi theka. Makina aakulu ataya K10 miliyoni, imene ndi K6.4 miliyoni lero, ndipo NPV yawo yatsala K3.44 miliyoni. Makina aang'ono ataya K5 miliyoni, imene ndi K3.2 miliyoni lero, ndipo yatsala K3.69 miliyoni. Chaka chimodzi choipa chafafaniza kusiyana konse.

Chachiwiri ndi mtengo wa makina. Makina otere amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Sitifunika kugwa kwakukulu chotero kuti chitsanzo chathu chisinthe. Mitengo itakwera ndi 10 peresenti yokha pakati pa kuitanitsa ndi kulipira, makina aakulu afika pa K55 miliyoni ndipo NPV yawo ndi K4.84 miliyoni, pamene aang'ono afika pa K22 miliyoni ndipo yawo ndi K4.89 miliyoni. Ndalama yotuluka lero siichepetsedwa ndi nthawi. Kwacha iliyonse yowonjezera pa mtengo imachoka yathunthu pa NPV.

Chachitatu ndi matani. Phindu la makina aang'ono likudalira mbewu imene kampani ili nayo kale. La makina aakulu likudalira kukwera kuchoka pa matani 80 kufika pa 140, ndiponso kuti onsewo agulidwe m'mapaketi. Ngati malonda ataima pa matani 120, chaka chachinayi ndi chachisanu zitaya K4 miliyoni chilichonse, zimene pamodzi ndi K2.95 miliyoni lero. Makina awiriwo afanana ndendende. Apa tapeza nambala imene mwini kampani angapite nayo kumsika: makina aakulu akuyenera kugulitsa matani oposa 120 pa chaka m'zaka zomaliza kuti apose aang'ono. Kodi pali ogulitsa m'masitolo okwanira kutenga katundu wotero? Kodi mitundu ya mbewuyo inalembetsedwa m'kaundula wa SADC kapena wa COMESA kuti iwoloke malire? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pa kompyuta.

Kukwera kwa mitengo

Cholakwika chimene chimabisala kwambiri n'chosakaniza mitundu iwiri ya manambala. Chiwongoladzanja cha kubanki chili kale ndi kukwera kwa mitengo m'kati mwake. Tikachigwiritsa ntchito, zolowa za chaka chilichonse zikhale makwacha enieni amene tikuyembekeza kugwira m'chaka chimenecho. M'chitsanzo chathu tatenga kuti mtengo wogulitsira ukakwera, magetsi, mapaketi, mankhwala ndi zokonzera makina zikudya kukwerako, kotero yotsala pa kilogalamu sikusintha. Kumeneku n'kuwerengera mosamala, kopanda chiyembekezo chambiri.

Amene akukhulupirira kuti yotsala pa kilogalamu izikwera limodzi ndi mitengo ya zinthu ali ndi njira ziwiri. Akhoza kukweza zolowa chaka ndi chaka n'kusunga 25 peresenti. Kapena akhoza kusiya zolowa pa mitengo ya lero n'kuchotsa kukwera kwa mitengo mu chiwongoladzanja. Mitengo ikamakwera ndi 15 peresenti pa chaka, timagawa 1.25 ndi 1.15, n'kupeza 8.7 peresenti. Njira ziwirizi zimapereka yankho limodzi. Choipa n'kuika mitengo ya lero pamodzi ndi chiwongoladzanja cha kubanki, chifukwa kumapondereza ntchito imene phindu lake limabwera mochedwa, kapena kukweza mitengo n'kugwiritsanso ntchito 8.7 peresenti, kumene kumakometsa ntchito iliyonse.

Kampani ya m'chitsanzo chathu yatsala ndi chithunzi chomveka. Makina onse awiri akuposa mtengo wa ndalama. Aakulu akutsogola ndi K2.95 miliyoni, koma kutsogolako kukudalira zinthu zitatu zimene zingafufuzidwe lero: ngongole imene chiwongoladzanja chake sichikankhira mtengo wa ndalama kupitirira 28.8 peresenti, mtengo wa makina wotsekedwa m'pangano lolembedwa, ndi maoda osonyeza kuti matani oposa 120 adzatuluka m'nkhokwe. Zitatuzi zikakhalapo, K30 miliyoni yowonjezerayo ili ndi ntchito. Chimodzi chikasowa, makina aang'ono akupereka phindu lofanana pa ngongole yochepa, ndipo funso la makina aakulu lingadzawerengedwenso msika wa mapaketi ukadzakula.